Abwana abweretsa ntchito ina pomwe sabata yadzaza kale, ndiwayankhe bwanji?

NachisaleWaMabuku

Akuluakulu, ndibwerekeni nzeru. Ndimasunga mabuku a ndalama pa kampani ina yaing'ono yogulitsa zipangizo zomangira, ndipo mu ofesi ya zandalama ndilimo ndekha. Lero ndi Lachitatu pa 8. Pofika Lachiwiri pa 14 ndiyenera kukhala nditatumiza msonkho wa pa malipiro a antchito wa PAYE, msonkho wina umene timadula polipira otigulitsa katundu, komanso ndalama za penshoni. Lachisanu lililonse timalipira masapulaya. Mabuku a mwezi wathawu sindinawayanjanitse ndi masitetimenti a ku banki, ndipo maakawunti ndi awiri. Palinso nkhani ya simenti ndi malata zimene sizinagwirizane powerenga sitoko, akufuna ndifufuze.

Ndiye m'mawa uno abwana angolowa n'kunena kuti akukapempha ngongole ku banki, ndiwakonzere malipoti a miyezi 6 yapitayi ndi kashifulo, yoonetsa ndalama zimene zilowe ndi kutuluka miyezi 12 ikubwerayi, zonse zikhale zitatha Lachisanu lomwe lino. Ine pakamwa pangotuluka zoti "chabwino bwana, ndiyesetsa." Panopa mutu ukuwawa. Kodi mawu amenewa angabwezeke? Nanga ndiwauze bwanji osaoneka wamwano?

Kalaliki77

Auzeni kuti sizitheka basi. Munthu si makina.

GogoLeja

Mayi, musanapite kwa abwana yambani mwatenga pepala ndi cholembera. Mukalowa muli ndi mawu okhaokha akuti "ntchito yachuluka," iwo amva ngati kudandaula, chifukwa aliyense pa kampanipo amanena zomwezo. Lembani ntchito iliyonse imene ili patebulo, tsiku lake, ndi maola amene imakudyerani. Musalembe maola amene mumalakalaka, lembani amene inatenga mwezi watha. Mukatero tiuzeni manambalawo, tiwerengere limodzi.

NachisaleWaMabuku

Agogo, ndayesa. Misonkho iwiri ija pamodzi imanditengera maola 6. Penshoni maola 2. Kulipira masapulaya maola 3. Kuyanjanitsa maakawunti awiri maola 7. Za sitoko mwina maola 4. Zatsopanozi ndikuganiza maola 14, chifukwa kashifulo ndiyenera kuyamba kuyala kuchokera pansi.

GogoLeja

Zikomo. Tsopano tiwerenge mbali inayo, maola amene muli nawo. Pa ntchito mumakhalapo maola 8, koma ogwira ntchito ya mutu sakwana 8. Pali foni, pali wobwera kudzafunsa za lisiti, pali dalaivala wofuna ndalama ya mafuta, pali netiweki yogwa. Munthu wokhala yekha mu ofesi ya zandalama akawerengera maola 6 patsiku ndiye kuti sakudzinamiza. Lero kwatsala mwina maola 3.

Kuchokera pano kufika Lachisanu madzulo muli ndi 3 a lero, 6 a mawa ndi 6 a Lachisanu. Onse pamodzi 15. Zimene abwana akufuna ndi maola 14, ndiye wina angati zikukwana, kungosiya zina zonse. Koma pali chinthu chimene abwana sakuchiona: lipoti la mwezi wathawu silingatuluke mabuku asanayanjanitsidwe ndi banki. Maola 7 aja ali kutsogolo kwa 14 aja, salumphika. Ndiye ntchito yatsopanoyi kwenikweni ndi ya maola 21, ndipo mukaika masapulaya a Lachisanu ndi 24. Maola 24 sangalowe mu 15 ngakhale mutasiya misonkho yonse osaikhudza. Apa nkhani yachoka pa kulimbikira kapena ulesi, yafika pa masamu, ndipo masamu amenewa ndi amene mukawaonetse.

Onaninso kuti ngakhale abwana akanapanda kubwera, sabata yanu inali yothina kale. Ntchito zakale ndi maola 22, pomwe kufika Lolemba pa 13 madzulo muli ndi 21. Lachiwiri pa 14 sindinaliwerengere dala. Tsiku lomaliza la msonkho si tsiku logwira ntchitoyo, ndi tsiku losungira ngozi. Aliyense amathamangira pa Msonkho Online, tsamba la MRA lotumizira za misonkho, nthawi yomweyo, ndipo ndalama ziyenera kudutsa ku banki wosaina atavomereza.

Kalaliki77

Ndiye mwangobwera pomwe ndinanena paja. Sizitheka. Mapepala onsewa ndi a chiyani?

MwanaWaKuNtcheu

Achimwene, kusiyana kulipo. Akuluakulu anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Wamkulu akakupatsa nsalu kuti uchape suiponya pansi, umailandira n'kuiviika, iye aone yekha kuti pali zina zimene zili pamoto. Mukangoti "sizitheka," mwatseka chitseko, ndipo abwana atsala ndi njira ziwiri zokha, kugonja kapena kukalipa. Ambiri amasankha kukalipa. Pepala lija limawapatsa njira yachitatu, yoti asankhe okha chimene chidikire.

BwanaPang'ono

Ine ndili mbali inayo, ndimayang'anira anthu 9, ndiye ndiloleni ndinene zimene timamva ife. Mawu amene amatipweteka kwambiri si "ayi," ndi "ndiyesetsa." Wantchito akanena choncho m'mutu mwake akutanthauza kuti zikukayikitsa. Ife timamva kuti wavomera. Timatuluka n'kukauza wa ku banki kuti mapepala afika Lachisanu. Ndiye Lachisanu 3 koloko masana ndi pamene timauzidwa kuti sizinatheke, nthawi imene sitingachitenso kanthu koma kuchita manyazi. Chikhala tinamva Lachitatu, foni imodzi ikanakonza zonse.

Choncho mayi, pitani lero lomwe, dzuwa lisanalowe. Kubweza mawu patangopita maola ochepa n'kopepuka: "Bwana, ndakhala pansi ndawerenga, ndaona kuti m'mawa muja ndinayankha msanga." Palibe bwana wanzeru amene angakwiye ndi zimenezo. Mawa zikhala zolemerako, ndipo Lachisanu zidzakhala mlandu.

AnaphiriAKuZomba

Funso limene palibe wafunsa: Lachisanu limeneli lachokera kuti? Ndi banki yanena, kapena ndi abwana angolitchula chifukwa ndi kumapeto kwa sabata?

NachisaleWaMabuku

Sindinafunse, amayi. Ndinangoti poti anena Lachisanu ndiye Lachisanu.

AnaphiriAKuZomba

Yambirani pamenepo. Masiku omalizira ntchito sali ofanana, ngakhale onse amalembedwa pa kalendala imodzi. Alipo oikidwa ndi lamulo. PAYE ndi msonkho wodula polipira uja MRA imafuna pofika pa 14 mwezi wotsatira, VAT pofika pa 25, ndipo za penshoni ziyenera kupita pasanathe masiku 14 mwezi utatha. Amenewa simungakambirane ndi munthu, mukachedwa pali chindapusa. Alipo olonjezedwa kwa anthu akunja, monga masapulaya a Lachisanu. Amenewa amasuntha, koma pali mtengo wake, ndipo woimba foni yopepesa ayenera kukhala mwini kampani, osati inu. Ndiye alipo a m'nyumba momwemo, monga kufufuza za sitoko. Simenti yosowayo ikafufuzidwa pa 20 m'malo mwa pa 10 palibe chindapusa chimene chibwere.

Lachisanu la abwana simukudziwa kuti lili m'gulu liti. Mwina ali ndi nthawi yokaonana ndi wa ku banki tsiku limenelo. Ngati ndi kukumana koyamba, kawirikawiri chimene chimafunika ndi choti ayambire kukambirana: masitetimenti a ku banki, mapepala a kampani, malipoti amene alipo kale. Zina zimatsatira. Koma mwinanso wa ku bankiyo ali ndi tsiku limene amapereka mafayilo kwa akuluakulu ake, ndipo mukaliphonya mudikira ulendo wina. Ziwirizi zimafuna mayankho osiyana. Funsani mwaulemu: "Bwana, Lachisanuli a ku banki akufuna zonse, kapena pali zimene zingatsogole?" Ngati sakudziwa, apempheni aimbe foni kapena akupatseni mndandanda umene bankiyo inapereka.

TelalaWaPaNdirande

Ine za maofesi sindizidziwa, koma vutoli ndi lathu lomwe la Disembala. Madilesi a chinkhoswe 12 ali pamzere, mayunifolomu a sukulu akudikira Januwale, ndiye pabwera mayi ndi chitenje kuti ukwati ndi Loweruka lino. Telala wosazindikira amalandira nsalu, chifukwa dipoziti ndi yokoma, kenako amayamba nyimbo ija ya "bwerani mawa, kwangotsala zipi."

Wodziwa ntchito amawerenga asanagwire nsalu. Dilesi lokhala ndi layini mkati, kudula, kusoka, kuyesa ndi kukonza, limadya pafupifupi tsiku lathunthu la munthu mmodzi. Ngati pali makina awiri ndi masiku 5, ndiye madilesi 10, ndipo tsiku limodzi uchotseretu la magetsi ndi la kasitomala wochedwa kudzayesa. Malo akatha, amene wabwera mochedwa umamuuza zitatu: Loweruka sindikwanitsa, Lachitatu likudzalo ndingathe, ndipo ngati ndi za ukwati weniweni pitani kwa mnzanga uyu. Nsalu osailandira. Ikangolowa m'shopu, mwini wake amawerenga kuti wavomera, ngakhale utanena kangati kuti "ndiona."

WaKuJoni

Atelala mwadziulula nokha lero. "Kwangotsala zipi" pomwe nsalu sinadulidwe n'komwe!

TelalaWaPaNdirande

Ndati osazindikira, achimwene. Komanso makasitomala nawo ali ndi bodza lawo. Amati ukwati ndi Loweruka lino pomwe ndi la sabata ya mawa, poopa kuti tiwachedwetsa. Ife podziwa zimenezo timachedwadi. Aliyense akunamiza mnzake, ndiye tsiku lenileni palibe akulidziwa.

GogoLeja

Atelala anena chinthu chimene chimachitikanso mu ofesi. Bwana amene anazolowera kuchedwetsedwa amatchula Lachisanu akufuna Lachitatu linalo. Wantchito amene anazolowera kupanikizidwa amati maola 20 pa ntchito ya maola 10. Mankhwala ake ndi oti manambala anu akhale oona nthawi zonse, kuti tsiku limene mudzati sizikwana adzakukhulupirireni.

Tibwerere kwa mayi Nachisale. Musapite ndi vuto lokha, pitani ndi njira ziwiri zoti asankhe. Yoyamba ndi iyi. Miyezi 5 mwa 6 ija mabuku ake munatseka kale, si choncho? Kusonkhanitsa malipoti a miyezi imeneyo ndi masitetimenti, kuwaona bwino ndi kuwaika m'dongosolo, ndi maola ngati 4 mwa 14 aja. Zimenezo zingatuluke Lachisanu pa 10. Tiwerenge: misonkho 6, penshoni 2, masapulaya 3, ndi 4 awa, zakwana 15. Pa maola 21 ofika Lolemba patsala 6, amene mukuwapereka ku kuyanjanitsa mabuku. Ola limodzi lotsala mumaliza Lachiwiri, tsiku limene mukungoonetsetsa kuti misonkho yadutsa. Lachitatu pa 15 ndi Lachinayi pa 16 muli ndi maola 12, ndipo ntchito ya ngongole yotsala ndi maola 10. Ndiye lipoti la mwezi wachisanu ndi chimodzi pamodzi ndi kashifulo mupereka Lachisanu pa 17 m'mawa. Za sitoko zipite Lolemba pa 20, kuti masiku otsatirawo akhale a VAT, poti pa 25 pagwa Loweruka ndipo ndi bwino kuthana nayo pa 24.

Yachiwiri ndi ya ngati banki yaumiriradi kuti zonse zifike msanga. Pamenepo Lachisanu silithekabe, koma Lolemba pa 13 madzulo lingayandikire ngati achotsa katundu wina pamutu panu. Misonkho, penshoni, kuyanjanitsa ndi ntchito yonse ya ngongole ndi maola 29, masapulaya titawachotsa. Muli ndi 21. Otsala 8 ayenera kuchokera penapake: Loweruka lathunthu lolipidwa, kapena kashifulo aipereke kwa akawuntanti wakunja amene amakuonerani mabuku pachaka. Ndipo masapulaya awaimbire okha kuti malipiro asunthira sabata ya mawa. Njira imeneyi ilibe mpata wa ngozi ngakhale pang'ono, ndipo muwauze choncho.

MnyamataWaMakompyuta

Koma agogo, bwanji osangokhala usiku masiku awiri n'kumaliza? Ntchito ikusowa kunjaku. Munthu ukaonetsa kuti umapirira ndi pamene amakukweza.

GogoLeja

Pa ntchito zina usiku umathandiza. Pa manambala umabweza ngongole yake. Munthu wotopa amalemba 5,400,000 pomwe pali 4,500,000, kapena fomula ya mu Excel imasiya mzere womaliza osauphatikiza, iye osaona. Lipoti limenelo likupita ku banki, kumene akaliyerekeza ndi masitetimenti awo omwe. Zikasiyana, funso silikhala loti "kodi munatopa," limakhala loti mabuku a kampaniyi ndi odalirika kodi. Kuchedwa sabata imodzi ndi kochepa poyerekeza ndi kubwezeredwa fayilo.

Chinanso, chimene wachita kamodzi usiku chimasanduka muyeso. Ulendo wina adzati "paja zija munatha masiku awiri."

Kalaliki77

Ndipo akati mubwere Loweruka, malamulo amati alipire kawiri. Musalole zaulere.

MayiWaZaAntchito

Pang'ono pokha, achimwene, mwalondola theka. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limati maola wamba asapitirire 48 pa sabata. Ovataimu ya tsiku logwira ntchito imalipidwa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ndipo kawiri ndi pa tsiku lopuma kapena la holide. Ndiye za Loweruka zitengera kontirakiti ya mayiwa. Ngati pa kampanipo amagwira Loweruka mpaka masana, si tsiku lopuma. Aone kalata yawo ya ntchito asanatchule nambala.

Koma ndingawalangize kuti nkhani ya ovataimu isakhale yoyamba kutuluka pakamwa. Mukayamba ndi ndalama, abwana amva kuti nthawi ilipo koma mukufuna kugulitsa. Yambani ndi maola ndi masiku a msonkho. Akasankha okha njira ya Loweruka, pamenepo ndi pofunsa kuti lilembedwa bwanji, ndalama kapena tsiku lopuma lobwezera, ndipo zigwirizanidwe Loweruka lisanafike.

NachisaleWaMabuku

Ndamva zonsezi, koma pakamwa ndi pamene pamandivuta. Ndikaima pamaso pawo mawu amathawa. Ndiyambe bwanji?

MwanaWaKuNtcheu

Musawaimitse pakhonde kapena pamaso pa antchito ena, pamenepo bwana aliyense amauma khosi. Gogodani, pemphani mphindi 5, pepala lili m'manja. Mawu ake angakhale otere: "Bwana, za ku banki zija ndaziyamba kuziona. Ndapeza kuti lipoti la mwezi watha silingatuluke ndisanayanjanitse mabuku, ndipo pa 14 pali misonkho ndi penshoni. Lachisanu lino ndingakupatseni malipoti a miyezi 5 ndi masitetimenti onse. Zotsalazo ndikupatsani Lachisanu pa 17 m'mawa. Ngati a ku banki sangadikire, pali njira ina koma ifuna kuti musunthe masapulaya ndi kupeza wothandiza. Mungakonde iti?"

Mukafika pa funsolo khalani chete. Ambiri amalakwitsa apa. Abwana akangokhala duu kwa kamphindi, mantha amakugwira n'kuyamba kudzaza mpatawo: "komabe ndiyesetsa, mwina zitheka." Basi wagwetsa zonse zimene unamanga. Asiyeni aganize.

Kupepesa kukhale kamodzi, chifukwa cha yankho la m'mawa lija. Mukapepesa chiganizo chilichonse zimaoneka ngati mwalakwa, pomwe simunalakwe.

WaKuJoni

Kuno anthu amangonena mosapsatira kuti ndadzaza, ndiike pansi chiyani? Kwathu timazungulira kwambiri, mpaka bwana osamva n'komwe kuti wakanidwa.

AnaphiriAKuZomba

Ulemu si vuto, achimwene. Vuto ndi pamene ulemu wameza tsiku ndi nambala. Mungagwade mpaka pansi, bola "pa 17 m'mawa" amveke bwinobwino.

BwanaPang'ono

Ndiwonjezere za pambuyo pake. Mukatuluka mu ofesimo lembani zimene mwagwirizana, pa imelo kapena pa WhatsApp, mizere itatu yokha: chimene chituluke pa 10, chimene chituluke pa 17, ndi chimene chasunthidwa kufika pa 20. Osati kuti mukutchera msampha ayi. Ife mabwana timaiwala zimene tasuntha, timakumbukira zimene talonjezedwa. Lachiwiri ndikhoza kukufunsani za simenti ija ndi mtima woyera, nditaiwaliratu kuti ndinavomera ndekha kuti idikire.

Mulembemonso zimene inu mukudikira kwa iwo. Kashifulo si ntchito ya wosunga mabuku yekha. Ngongoleyo ndi ya ndalama zingati, ibwezedwa miyezi ingati, akufuna kugulira chiyani, akuyembekeza kuti malonda akwera bwanji nyengo yomanga ikafika, zonsezi zili m'mutu mwa abwana. Lembani kuti "kuti pa 17 patheke ndifunika manambala amenewa pofika Lachiwiri pa 14." Popanda zimenezo adzakupatsani Lachinayi madzulo, tsiku lomaliza n'kukhala lomwe lija, wochedwa n'kukhala inu.

GogoLeja

Ndipo funsani ngati wosaina ku banki adzakhalepo pa 13 ndi pa 14. Munthu amene akuthamangira ngongole amayendayenda. Mungamalize misonkho yonse nthawi yabwino, ndalama n'kukanika kutuluka chifukwa wovomereza ali pa msewu wa ku Lilongwe foni ili yothima.

Kalaliki77

Zonsezi ndi za mabwana omva. Alipo ena ukawaonetsa pepala amangoti "zonse ndi zofunika, onani mochitira." Pamenepo masamu anu athandiza chiyani?

MayiWaZaAntchito

Alipodi, ndipo pa amenewo palibe mawu amatsenga. Chimene chimatsala ndi kusankha wekha mndandanda n'kuulengeza, m'malo mofunsa. Umalemba kuti: "Poti zonse sizikwana pofika Lachisanu, ndiyamba ndi misonkho ndi penshoni chifukwa zili ndi chindapusa, kenako masapulaya, kenako za ku banki monga ndafotokozera. Ngati mukufuna ndisinthe mndandandawu mundiuze lero." Akapanda kuyankha, wayenda ndi zimene unalemba. Sizimuletsa kukalipa Lachisanu, koma pakakhala nkhani yokhalirana pansi pali umboni woti unachenjeza nthawi ilipo. Chimene sindingalangize ndi kusiya msonkho mwakachetechete kuti usangalatse bwana. Chindapusa chikabwera, amene anati "onani mochitira" sadzakumbukira mawu akewo.

MnyamataWaMakompyuta

Komabe ine ndikuona kuti ukamachita zimenezi kawirikawiri amakuika chizindikiro choti ndiwe wovuta. Mnzako wongovomera ndi amene amakondedwa.

BwanaPang'ono

Pali choona pamenepo, sindikana. Munthu amene ntchito iliyonse yaing'ono amabwera ndi pepala la maola amatopetsa. Zimenezi ndi za pamene chinthu chachikulu chagundana ndi chinthu chosasunthika. Za mphindi 20 ingochitani. Koma wongovomera uja amakondedwa Lachitatu, Lachisanu timamudziwa.

MnyamataWaMakompyuta

Ena amafika pokwezedwa Lachisanu lisanawapeze, bwana.

TelalaWaPaNdirande

Ine ndibwerere pa tsiku latsopanolo. Mukasuntha tsiku, sunthani kamodzi. Kasitomala amakhululuka ukamuuza kuti Loweruka sizitheka, bwerani Lachitatu. Chimene sakhululuka ndi kufika Lachitatu n'kumuuzanso kuti Lachisanu. Ndiye potchula tsiku latsopano musatchule lapafupi pofuna kuti nkhope yawo iwale. Agogo aika maola 12 pa ntchito ya maola 10, mpata wa maola awiri okha. Ineyo ndikanati Lolemba pa 20, n'kupereka pa 17 zikatheka. Maliro sapangana ndi munthu.

GogoLeja

Atelala, mfundo yanu ndi yabwino, koma pa 20 pakuyamba sitoko ndi VAT, ndipo kuchoka pa 10 kufika pa 20 abwana akhoza kuona ngati mwawataya. Pakati pake pangakhale kunena kuti pa 17 madzulo m'malo mwa m'mawa. Pamenepo Lachisanu lonse, kuchotsa maola 3 a masapulaya, likhala mpata. Komanso maola 14 aja ndi ongoganizira, poti kashifulo sanaipangepo pa kampaniyi. Ntchito imene sunaichitepo imakonda kudya kuposa momwe unaganizira, ndiye mpata wochulukirapo sungaipe. Mayi asankhe okha, amawadziwa abwana awo ndi iwo.

NachisaleWaMabuku

Ndabwerako. Ndinagogoda cha m'ma 4 koloko. Nditafika pa funso lija ndinaluma lilime monga munanenera, ngakhale mtima umagunda ngati ng'oma. Anaimba foni ku banki ine ndili pomwepo. Lachisanu akukangoonana ndi woyang'anira akawunti yathu, ndipo iye wati masitetimenti ndi malipoti a miyezi 5 akwanira poyambira, koma zotsalazo akuzifuna Lachinayi pa 16 masana, osati pa 17, chifukwa Lachisanu m'mawa amapereka mafayilo kwa akuluakulu ake. Abwana avomera kuti sitoko idikire pa 20. Za wothandiza akana, ati ndalama palibe. Uthenga wa mizere itatu uja ndatumiza, ayankha ndi chala chokweza basi.

Ndiye pa 15 ndili ndi maola 6, pa 16 m'mawa mwina 3, ntchito ndi ya maola 10. Mpata uja watha, ndipo ola limodzi likusowa.

GogoLeja

Lachiwiri pa 14 lili ndi maola 5 amene sitinawagwiritse ntchito. Misonkho ndi penshoni mukazitumiza Lolemba, osadikira Lachiwiri, maola amenewo ndi anu, ndipo kashifulo mungayambe kuiyala tsiku lomwelo. Koma zitheka pokhapokha manambala a ngongole aja atafika Lolemba, osati Lachiwiri monga tinanenera poyamba. Atumizireninso uthenga mawa m'mawa wosintha tsiku limenelo, ndipo mufunse za wosaina wa Lolemba.

Kalaliki77

Chala chokweza si siginecha, mayi. Jambulani uthengawo musunge.